Momwe mungalembere maina a anthu m'gulu popanda kudziputira milandu

Kuno kuchigwa kulemba maina sikutha. Madzi akasefukira timalemba, mbewu zikabwera timalemba, banki m'khonde nayonso ili ndi kaundula wake. Chichokereni namondwe Freddy mu Malichi 2023 pali anthu ku Nsanje ndi ku Chikwawa amene ayidi yawo yajambulidwa kambirimbiri moti sakudziwanso kuti ili m'mafoni a ndani. Ine ndakhala mlembi wa kagulu ka alimi a mthirira kufupi ndi Nchalo, ndiye ndikuuzeni momwe timachitira pano, makamaka poti kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu ndipo amene akuliyang'anira ndi a MACRA, bungwe la boma loona za mafoni ndi mawailesi. Lamuloli silikukhudza makampani a mafoni okha ayi, aliyense wosunga maina, manambala a foni ndi ma ayidi a anthu pantchito ya gulu kapena bizinesi likumukhudza.

Musanagule ngakhale kope, khalani pansi ndi komiti mulembe chiganizo chimodzi chonena chifukwa chomwe mukulembera mainawo. Chathu chinali chakuti tikulemba kuti tigawe mbewu ya chimanga ya mthirira chaka chino. Basi. Chiganizo chimenechi ndi chimene chimakuuzani zofunsa. Pogawa mbewu mukufuna dzina, mudzi, kukula kwa munda ndi nambala ya foni yomuitanira. Chipembedzo chake mukufuniranji? Kaya amamwa ma ARV, kaya ndi wachipani chanji, kaya ndi Msena kapena Mmang'anja, zonsezi lamulo limaziika m'gulu la zinthu zofunika kusamala kwambiri, ndipo ngati sizikukhudzana ndi mbewu zisapezeke pafomu. Mafomu ambiri amene timakopera kwa anzathu amakhala ndi mizere yambirimbiri yoti palibe amene adzaiwerenge, dulani.

Kenako chilolezo. Apa anthu amaganiza kuti chidindo cha chala ndiye chilolezo, ayi. Munthu ayenera kumva kaye kuti ndinu ndani, mukutenga chiyani, mukachita nazo chiyani, muzipereka kwa ndani ndipo muzisunga mpaka liti, kenako avomere mwa kufuna kwake. Ife timawerenga mokweza pabwalo, m'Chichewa ndi m'Chisena chomwe, chifukwa agogo ambiri akumidzi fomu sawerenga, amangopereka chala poti amfumu ali pompo. Ndipo muwauze poyera kuti akhoza kudzasintha maganizo nthawi ina iliyonse. Chithunzi chipatseni mzere wakewake. Wina akhoza kuvomera kulembedwa dzina koma nkukana kuti nkhope yake ataseza thumba iikidwe pa Facebook, ndipo kukana chithunziko kusamuchotse pa mndandanda wa mbewu, mukatero ndiye kuti mwamukakamiza. Mwana wosakwana zaka 18 amuvomereze ndi kholo kapena womulera.

Tsopano pamene ife zinativuta. Titamaliza kulemba, bungwe lotipatsa mbewu linafuna mndandanda msanga ndi mafotokope a ma ayidi. Mapepala anapita pa shopu ina ya fotokope pamsika, mnyamata wake anati makina akuvuta ndiye ayambe wasikana zonse mu kompyuta kenako apulinte magetsi akabwera. Zinapulintidwa bwinobwino, koma mafayilo aja anatsala mu kompyuta yake, pa sikirini pomwe aliyense wobwera kudzataipitsa kalata amaona. Tsiku lomwelo wina wa m'komiti anajambula mndandanda wonse nkuponya pa gulu la WhatsApp kuti anthu aone ngati maina awo alipo, gulu lake la anthu ochuluka, ena sitikuwadziwa nkomwe, ena ali ku Joni.

Sipanapite nthawi anthu anayamba kulandira mafoni. Woimbayo amatchula dzina lonse, mudzi, mpaka kukula kwa munda, kenako amvekere mayi dzina lanu latuluka pa feteleza, tumizani ndalama ya thiransipoti pa nambala iyi. Mayi wina wamasiye anatumizadi, ndalama yoti anagulitsa mbuzi. Ndipo simungamunene kuti ndi wopusa, munthu wakuuza zinthu zimene unauza komiti yokha, ungamukayikire bwanji? Mpaka lero sitidziwa ngati zinatulukira ku shopu kuja kapena pa WhatsApp, koma chizindikiro choti zatuluka kwa inu nchimenecho, wakubayo akudziwa zomwe zili pafomu yanu ndendende, ndipo oimbiridwa onse ali pa mndandanda umodzi.

Ndiye pano timachita chonchi. Ayidi timangoiona ndi maso nkuchonga kuti taona, fotokope timapanga pokhapokha ngati opereka thandizo anena chifukwa chomveka. Zimatipulumutsanso ndalama, fotokope yakwera mtengo masiku ano ndipo ma ayidi a mudzi wonse mbali zonse ziwiri si masewera. Ngati tapita ku shopu, mlembi amaima pompo mpaka zithe, mapepala olakwika amatenga osawasiya mu bini, chifukwa mapepala amenewo mawa mupeza akulungira mandasi. Ngati mapepala awasikana mu kompyuta, a pashopupo afufute ife tikuona, ndi mu Recycle Bin momwe. Shopu imene mwini wake akunyinyirika ndi zimenezi isiyeni, mashopu ndi ambiri pa Nchalo ndi pa Ngabu. Pa WhatsApp sitiponyanso mndandanda, wofuna kudziwa ngati dzina lake lilipo afunse mlembi payekha.

Palinso kubwereketsa mndandanda, kumene kumaoneka ngati chifundo. Amabwera a ngongole, a masola, nthawi ya kampeni amabweranso ena, amvekere akulu tingobwerekako maina a alimi anu. Kumbukirani chiganizo chija. Anthu anavomera za mbewu, sanavomere kuimbiridwa za ngongole. Ngati mukuona kuti nkhaniyo ingawathandize, itanitsani msonkhano, wofuna alembetse yekha kwa iwowo. Ngakhale atakhala wachibale wa amfumu, yankho ndi lomwelo, kungoti mumalankhula mwaulemu.

Mwini dzina ali ndi ufulu wake ndipo akabwera musamuone ngati wovuta. Akhoza kufunsa kuti mwalemba chiyani za iye ndipo mumuonetse mzere wake wokha, phimbani enawo ndi pepala. Akhoza kuuza kuti mukonze zolakwika, izi zimachitika kwambiri ndi maina olembedwa mosiyana ndi pa ayidi, chilembo chimodzi chokha munthu nkubwezedwa pa mzere wolandirira. Akhoza kupempha kuti mumufufute, kupatula zomwe mukuyenera kusunga, mwachitsanzo ngati ali ndi ngongole ya gulu yosabweza. Mukamukaniza popanda chifukwa ali ndi ufulu wokadandaula ku MACRA.

Kusunga ndiye mukudziwa kale, kope mu bokosi lokiya komanso pamwamba poti kuno madzi salonjera, foni ya mlembi ikhale ndi pasiwedi osati yomwe ana amaseweretsa magemu. Zikabedwa kapena kutuluka, lamulo limati a MACRA adziwitsidwe pasanathe maola 72, koma eni maina auzeni tsiku lomwelo kuti asatumize ndalama kwa aliyense. Ntchito ikatha ndipo malipoti avomerezedwa, mafotokope a ma ayidi otchani, zithunzi za m'foni fufutani, ndipo mlembi akasintha apereke kope ndi kiyi pamaso pa komiti.