Mmene mungamalizire peji ya bizinesi yanu pa Facebook kuti makasitomala akupezeni

Mapeji ambiri a mabizinesi muno mu Lusaka ali ndi zithunzi zokongola, koma kasitomala amafunsabe kuti, “Muli kuti? Mumatseka nthawi yanji?” Tiyerekeze kuti ndinu telala ku Kamwala ndipo peji munatsegula kale. Lowani ngati peji, osati pa akaunti ya dzina lanu, ndipo pitani pa gawo la About pomwe pamasinthidwa zambiri za bizinesi.

Yambani ndi Category. Facebook imalola kusankha mitundu mpaka 3, ndipo woyamba ndi umene umaonekera pansi pa dzina la peji. Telala asankhe mtundu wonena za kusoka, osati Personal blog. Ngati simukuona polemba adiresi kapena maola, yang'anani kaye mtundu umene munasankha, chifukwa nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo.

Pa Address ndi pamene ndikufuna mudekhe. Nambala ya poloti yokha sithandiza munthu amene watsika minibasi mtauni, ndipo mapu nthawi zina amaponya chizindikiro pakati pa mzinda chabe. Lembani msewu ndi dera, kenako kulitsani mapu ndi kusuntha chizindikirocho mpaka chikhale pa shopu yanu. Ndi bwino kuchita zimenezi muli pashopu pomwepo. Chodziwira malo, monga “kuseri kwa msika wa Kamwala”, chilembeni m'mawu ofotokoza peji. Mukatha, pemphani mnzanu atsegule pejiyo pa foni yake, adine adiresi ndi kuona kumene mapu akumutengera. Akamulozera ku Cairo Road, bwererani mukakonze. Amene mumagulitsira kunyumba ndi kuperekera katundu, musaike adiresi ya nyumba. Lembani madera amene mumafika pa Service area, monga Chilenje, Kabwata ndi Libala.

Pa Hours sankhani maola a tsiku lililonse palokha: Lolemba mpaka Lachisanu 08:00 mpaka 17:00, Loweruka mpaka 13:00, Lamlungu lisiyeni lotseka. Foni ikamaonetsa AM ndi PM, onetsetsani kuti 17:00 mwailemba 5:00 PM, osati AM. Musasankhe Always open ngati usiku mumagona, chifukwa peji idzauza munthu kuti muli otsegula iye napeza loko pachitseko.

Chomaliza ndi batani limene kasitomala amadina kuti alankhule nanu. Dinani madontho atatu pa peji, musankhe Add action button. Kwa telala WhatsApp ndiyo yabwino, popeza kasitomala amatumiza chithunzi cha sitayelo imene akufuna. Sankhani +260 ndipo chotsani 0 woyamba, nambala yoyamba ndi 097 iyambe ndi 97. Facebook idzatumiza nambala yotsimikizira pa WhatsApp yomweyo, choncho foni ya bizinesi ikhale m'manja mwanu. Woyendetsa takisi kapena wokonza mapaipi, amene anthu amamufuna mwachangu, asankhe Call now.