Osamauza mlendo kuti inshulansi ilipira zonse

Abale anga amene mumayenda ndi alendo kuno ku Cape Town, mawu akuti "zonse zili momwemo" muwachotse mkamwa mwanu. Ine anandichotsetsa ntchito.

Kugula inshulansi ya paulendo sikuvuta: dzina, zaka, masiku a ulendo, kulipira, basi. Nkhani ili pa zimene salipira.

Ejenti wina amene ankagulitsa inshulansi kwa alendo a kampani yathu anandiuza kuti ndizingowatsimikizira kuti chipatala chilichonse alipira. Ndinamukhulupirira. Tsiku lina bambo wachikulire wa m'gulu langa anakomoka tikutsika ku Cape Point. Tinathamangira nawo kuchipatala cholipira, anagonekedwa masiku anayi. Akampani ya inshulansi ataitanitsa mbiri yawo yakuchipatala, anapeza kuti bambowo ankamwa mankhwala a mtima kuyambira kale, koma pafomu sanalembe. Anakana kulipira ngakhale randi imodzi.

Ejenti uja foni anasiya kuyankha. Atapezeka, anakanitsitsa kwamtuwagalu kuti sananenepo zotero. Mayi a kunyumba kwa bambowo anandiloza chala pakhomo la wodi, misozi ili chuchuchu, amvekere: "Munatiuza ndinu." Ndinasowa choyankha, chifukwa ndinawauzadi. Mpaka lero zimandiwawa.

Ndiye afunseni alendo mwachindunji: kodi pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku? Shuga, mphumu, kuthamanga kwa magazi, zonsezo azinene pogula. Mtengo ukhoza kukwera, koma akabisa, matenda amenewo akadzawagwetsa adzalipira okha.

Masewera oika moyo pachiswe nawonso muziwatchula mayina. Kudumpha pa mlatho wa Bloukrans, kulowa m'khola loonera shaki ku Gansbaai, kuuluka ndi parashuti kuchokera pa Signal Hill: inshulansi wamba kawirikawiri siikhudza zimenezi pokhapokha munthu atawonjezera ndalama. Zambiri zimaikanso malire a kutalika kwa phiri. Mukamatengera gulu kumudzi kukakwera Mulanje, kumbukirani kuti Sapitwa ndi mamita 3,002, ndiye muyang'ane nambala imene yalembedwa papepala lawo.

Wavulala ataledzera? Akhoza kumukanira. Wasiya kamera pampando wa basi n'kupita kukadya? Amati anaitaya dala. Akaberedwa, mupite nawo kupolisi tsiku lomwelo, chifukwa ambiri amafuna lipoti pasanathe maola 24. Muwauzenso za ekisesi, ndalama imene mlendo amadzilipirira yekha: foni ya R6,000, ekisesi R1,000, sangalandire zoposa R5,000.

Musandiuze kuti mulibe nthawi, abale. Tsegulani pepala lawolo, muwerenge nawo limodzi gawo la zosalipiridwa, ndipo chimene sichikumveka afunse eni kampani pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Nambala ya zadzidzidzi ya kampani ya inshulansiyo muisunge m'foni mwanu basi isananyamuke. Munthu akadwala, muiyimbe msanga, ngati n'kotheka asanagonekedwe.