Chithunzi cha kaphikidwe si mndandanda wa zogula: werengerani nokha musanapereke ndalama

Abale anga a kuno ku Joni, chinkhoswe chikayandikira, kapena tikagwirizana zokumana pa 6 Julaye, pa gulu la WhatsApp sipalephera kutulukira munthu amene amaponya chithunzi cha kaphikidwe chimene wajambula pa foni, n'kulemba kuti tiphike izi. Ena onse amavomereza, zopereka zimasonkhedwa, ndipo chithunzicho chimapita kwa wokagula momwe chililimo. Apa ndi pamene chakudya chimaperewera. Chithunzicho chinalembedwera banja limodzi la kudziko lina, osati khamu la Amalawi amene abwera ndi njala kuchokera ku ntchito. Musapereke kwa aliyense musanachisandutse mndandanda wa makilogalamu, zitini ndi mapaketi, wolembedwa ndi dzanja lanu.

Choyamba kuyang'ana ndi mzere wonena kuti chakudyacho n'cha anthu angati. Umakhala pamwamba, ndipo umalembedwa chonchi: Serves 6. Vuto n'lakuti wojambula amakonda kudula chithunzi kuti zinthu zofunika pophika zionekere bwino, ndipo mzere umenewu ndi umene umatsala kunja. Ngati palibe, muuzeni wotumizayo ajambulenso kuchokera pamwamba mpaka pansi. Musangoganizira nambalayo, ndipo musalole munthu wina kukuganizirirani.

Ndikunena izi mtima ukundiwawabe. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga, akuluakulu a komiti anagwirizana ndi dobadoba wina wa galimoto, wa aja amene amati amadziwana ndi masitolo opikulitsa ndipo akakugulirani motchipa. Tinamuuza kuti alendo ndi 40. Anatenga chithunzi chodulidwa chija, n'kunena molimba mtima kuti, "Achimwene, musadandaule, ntchito yanga ndi yomweyi. Izi n'za anthu khumi, tingochulukitsa kanayi." Ndalama analandira zonse zimene komiti inakonza. Katundu anabwera naye usiku woti mawa ndi chinkhoswe, anatsitsa pakhomo mofulumira injini ikulira, n'kunena kuti malisiti atumiza pa foni.

M'mawa amayi ophika atasungunula nkhukuzo, anangoyang'anana. Sizinafike ndi theka la poto. Mayi wina wachikulire anandiitanira pambali n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanawe, ndiwo zinazo mwasunga kuti?" Panalibe zina. A kuchimuna anadya, ana anadya, koma azimayi amene anaima pamoto kuyambira mbandakucha anadyera msuzi ndi kabichi. Titamuimbira dobadobayo, anati anagula zimene zinalembedwa, ngati chithunzi chinali cholakwika si mlandu wake. Titafunsa za ndalama zotsala, anati zinapita ku mafuta a galimoto. Malisiti aja sanatumize mpaka lero. Pambuyo pake chithunzi chonse chitapezeka, pamwamba pake panali polembedwa kuti n'cha anthu 6. Munthu amene amadya ndalama za anthu pa ntchito imeneyi akanaona yekha kuti nkhuku yochepa choncho singakwane anthu khumi. Anaona, koma kugula zochepa kunkamusiyira zambiri m'thumba.

Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, ndi chithunzi changati chomwecho: nkhuku yamsuzi ndi mpunga, ya anthu 6, alendo 40. Gawani chiwerengero cha alendo ndi chiwerengero cha pa chithunzi. 40 kugawa ndi 6 zikupereka 6 ndi zotsalira, ndiye kwezani mufike pa 7. Nthawi zonse kwezani, musatsitse. Kuchulukitsa ka 7 kukupatsani chakudya cha anthu 42. Ndipo powerenga alendowo, ikanimo ophika, woimba nyimbo, ndi aja amene sanayankhe pa gulu koma mukudziwa kuti abwera ndi mnzawo.

Musanachulukitse, onani kuti miyezo ya pa chithunzicho ndi ya dziko liti. Mukaona lb ndi oz, dziwani kuti mwina chinachokera ku America, pamene masitolo a kuno amagulitsa pa kilogalamu. Miyezo yofunika kuisunga ndi yochepa:

```
1 lb   = 454 g
1 oz   = 28 g
1 tbsp = 15 ml
1 tsp  = 5 ml
```

Samalani ndi mizere iwiri yomalizayo. Pa chithunzi chimene chayenda m'mafoni ambiri zilembo zimafufutika, ndipo tbsp ndi tsp zimaoneka zofanana, pamene imodzi ndi yaikulu katatu kuposa inzake. Kulitsani chithunzicho ndi zala muwerenge bwino. Za kapu musavutike nazo kwambiri: ya ku America ndi pafupifupi mamililita 240, ya kuno ndi 250, kusiyana kumene sikungawononge ndiwo. Choopsa ndi kutenga kapu yaikulu yomwera tiyi ya m'nyumba mwanu n'kumayesa kuti ndi imene akunena.

Nkhuku pa chithunzi chathu ndi 3 lb. Kuchulukitsa ka 7 ndi 21 lb, amene ali pafupifupi makilogalamu 9 ndi theka. Dobadoba uja, ndi kanayi kake, anabweretsa makilogalamu 5 ndi theka. Koma ngakhale 9 ndi thekayo musailembe pa mndandanda ngati mukukagula nkhuku zouma ndi ayezi za m'mapaketi akuluakulu, zimene ambirife timagula chifukwa ndi zimene thumba limalola. Nkhuku zimenezi amazibaya madzi a mchere asanaziumitse. Malamulo a South Africa, kuyambira 2016, amalola madzi amenewa kufika magawo 15 pa 100 alionse pa nkhuku yoduladula, ndipo zimalembedwa pa paketipo. Ndiye kuti pa makilogalamu 10 amene mwalipira, kilogalamu imodzi ndi theka ikhoza kukhala madzi, ndipo ambiri a iwo mudzawaona akutuluka m'beseni ndi m'poto. Kuti mutsale ndi nyama yokwana, lembani makilogalamu 12: mapaketi awiri a makilogalamu 5 ndi imodzi ya makilogalamu 2. Mukakagula nkhuku yaiwisi ku butchala, makilogalamu 10 akwana.

Palinso funso limene kalikuleta singakuyankheni: nthuli zikwana? Paketi yosakaniza imakhala ndi mapiko ndi misana, ndipo simungapatse ankhoswe phiko limodzi. Ngati ndalama zilipo, gulani ntchafu ndi miyendo, chifukwa pamenepo mukhoza kuwerengera nthuli ziwiri pa munthu n'kudziwa pamene mwaima.

Pa mpunga ndi pamene ndimakangana ndi anthu. Chithunzi chimati makapu awiri. Funsani kaye: waiwisi kapena wophikaphika? Mawu akuti cooked ndi uncooked amasiyana ndi zilembo ziwiri zokha, koma mpunga ukapsa umafufuma pafupifupi katatu. Tinene kuti ndi waiwisi. Kapu imodzi imalemera pafupifupi magalamu 185, ndiye makapu 14 ndi makilogalamu 2 ndi theka kuposerapo pang'ono. Masamuwo ndi oona, koma musawatsate. Akutanthauza pafupifupi magalamu 60 pa munthu, kadyedwe ka anthu amene mpunga amangouika pambali pa mbale. Ife sitidya choncho, makamaka anthu akamva kuti wina wabwera ndi Kilombero kuchokera kumudzi. Ine ndimawerengera magalamu 100 pa munthu, amene ndi makilogalamu 4 ndi pang'ono pa anthu 42, ndipo ndimalemba makilogalamu 5. Waiwisi wotsala sawonongeka. Ndipo pakhale nsima. Chithunzicho sichikuitchula n'komwe, koma abambo ena sadzavomera kuti adya ngati sanaione. Thumba la ufa la makilogalamu 5 likwana pamene pali mpunga kale.

Zinazo n'zosavuta. Anyezi awiri ka 7 ndi 14, lembani makilogalamu 2. Chitini cha tomato cha 14 oz n'chofanana ndi zitini zathu za magalamu 400 kapena 410, lembani zitini 7. Mafuta ophikira 3 tbsp ka 7 ndi mamililita 315, botolo limodzi la mamililita 750 likwana ndi za kabichi zomwe. Ngati mukuphika zakudya ziwiri kapena zitatu, phatikizani anyezi onse pa mzere umodzi, mafuta onse pa mzere umodzi, kuti wokagula asagule kawiri kapena kuiwala.

Koma mchere, tsabola ndi madzi musazichulukitse mwachimbulimbuli. Mchere 2 tsp ka 7 ndi timasipuni 14, ndipo mukathira tonse pa nkhuku imene yabwera kale ndi madzi a mchere, palibe adzaidye. Pa mndandanda ingolembani paketi imodzi ya mchere, koma pa pepala la ophika lembani kuti ayambe ndi theka, alawe, kenaka awonjezere. Tsabola n'chimodzimodzi, ndipo ndi bwino kumuika pambali aliyense azithira yekha chifukwa pali ana. Madzi nawonso sachuluka ka 7, chifukwa poto wamkulu mmodzi sauma msanga ngati mapoto ang'onoang'ono asanu ndi awiri, komanso nkhuku ija ikutulutsa akeake. Yambani ndi ochepa. Msuzi ukachita tiii ngati madzi a m'chithaphwi, kuubweza kumafuna moto wa nthawi yaitali ndipo nyama imakhala itaphwanyika.

Kenaka werenganinso chithunzicho kumunsi, pamene akufotokoza kaphikidwe kake. Olemba ena amabisa zinthu kumeneko: ufa wa tirigu wolimbitsira msuzi, ndimu yofinyira pomaliza, zimene sizinalembedwe pamwamba. Ngati kumunsiko kunadulidwa, ndiye kuti muli ndi theka la nkhani. Ndipo pali zimene chithunzi chilichonse sichinena. Nkhuku yochuluka choncho imafuna poto wa malita 20 kapena mapoto awiri apakati, ndipo kasitovu ka mbale ziwiri ka m'chipinda cha lendi sikangawiritse poto wotere bwinobwino. Bwerekani sitovu ya gasi, ndipo gasiyo alembedwe pa mndandanda. Mbale, masipuni, mapepala opukutira m'manja ndi matumba a zinyalala zilembedwenso. Funsani kuti ndani ali ndi firiji yokwana makilogalamu 12, chifukwa nkhuku youma ndi ayezi imafunika kusungunukira m'firiji kwa tsiku lathunthu kapena kuposa, osati padzuwa pakhonde. Nyama yogonera panja kunja kukutentha idzadwalitsa alendo anu.

Mndandanda womaliza ulembedwe m'chiyankhulo cha m'sitolo: dzina la chinthu, kukula kwa paketi, ndi mapaketi angati. "Nkhuku, ntchafu ndi miyendo, makilogalamu 5, mapaketi awiri; makilogalamu 2, paketi imodzi." Osati "nkhuku zokwana anthu 40", chifukwa mawu amenewo ndi khomo limene dobadoba amalowera. Uikeni pa gulu kuti amayi odzaphika auone asanagule kanthu, poti iwo ndi amene amadziwa ngati poto adzadzaze. Ngati mukutumabe munthu, mtengo wa galimoto yake mugwirizane padera, apite ndi mmodzi wa komiti, katundu afike kukadali masiku awiri, ndipo muwerenge paketi iliyonse ndi lisiti m'manja iye asanalize injini. Akakana kupita ndi munthu wanu, musakambirane naye zambiri. Tengani takisi anthu awiri mukagule nokha.