Momwe mungasankhire mawu kuti zolemba zanu zisamveke ngati za makina

Tengani foni, tsegulani polembera uthenga, lembani mawu amodzi, kenako muzingodina mawu amene foniyo ikukupatsani pamwamba pa zilembo. Chiganizo chimatuluka ndithu, koma mukachiwerenga mumamva kuti mulibe munthu m'menemo. Foniyo imangoika mawu amene amabwera kawirikawiri pambuyo pa mawu amene mwalembawo. Mapulogalamu olemba nkhani ngati ChatGPT, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu Novembala 2022, ndi aakulu kutalitali kuposa kapulogalamu ka m'foni, koma maziko ake ndi omwewo. Anaphunzira pa zolemba zochuluka zedi, ndipo pa malo alionse m'chiganizo amayeza kuti ndi mawu ati amene ali ndi mwayi waukulu wobwera. Nthawi zambiri amatola pakati pa mawu a mwayi waukuluwo.

Zotsatira zake ndi nkhani yosalala, yopanda cholakwika, koma yoti wowerenga akhoza kumaliza yekha chiganizo chilichonse asanafike kumapeto. Vuto nlakuti nafenso anthu timalemba chomwecho tikatopa kapena tikamalemba chinthu chimene sitikuchidziwa bwino. Dzanja limangothamangira mawu amene ali pafupi. Mapulogalamu ena ofufuza ngati nkhani yalembedwa ndi makina, monga GPTZero imene inatuluka mu Januwale 2023, anayambira pa muyeso womwewu: kodi mawu otsatira ndi osavuta bwanji kuwalosera? Akakhala osavuta kuyambira pamwamba mpaka pansi, nkhaniyo imakayikiridwa.

Musawakhulupirire kwambiri mapulogalamu ofufuzawa. OpenAI yomweyo inatseka pulogalamu yake yotere mu Julayi 2023 chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Chaka chomwecho ofufuza a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti nkhani zopitirira theka zimene analemba ophunzira omwe Chingerezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho zinanamiziridwa kuti nza makina, chifukwa ophunzirawo amagwiritsa ntchito mawu ochepa odziwika bwino. Tsono amene tikufuna kumukhutiritsa pano si pulogalamu ayi. Ndi wowerenga, amene amasiya nkhani pakati akaona kuti simukumuuza chimene sankadziwa.

Tiyeni tigwire ndime imodzi, tiikonze limodzi. Nayi, monga momwe mtolankhani wotopa angailembere:

"Alimi ambiri akukumana ndi mavuto osiyanasiyana chifukwa cha kusowa kwa mvula. Mbewu zawo zakhudzidwa kwambiri, ndipo izi zikubweretsa nkhawa yaikulu. Ndikofunika kwambiri kuti achitepo kanthu mwachangu."

Choyamba: pezani pamene wowerenga angalosere

Phimbani chiganizo ndi pepala, muzilisuntha pang'onopang'ono, ndipo musanaone mawu otsatira muziyamba mwalosera. Zimayenda bwino koposa mukapempha mnzanu amene sanaione nkhaniyo: inu muziwerenga mokweza, nkuima, iye amalize. "Akukumana ndi..." adzati "mavuto". "Mavuto..." adzati "osiyanasiyana". "Nkhawa..." adzati "yaikulu". Paliponse pamene walasa, lembani mzere kunsi kwake.

Sikuti mawu onse olembedwa mzerewo ndi oipa. Tizilumikizi ngati "ndi", "koma", "chifukwa" tiyenera kukhala tosavuta kulosera, ndipo tisiyeni. Yang'anani aneni, mayina ndi afotokozi, chifukwa ndiwo amasenza nkhani. M'ndime yathuyi pafupifupi onse agwidwa.

Chachiwiri: funsani kuti mawuwo akubisa chiyani

Apa mpamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amapadumpha. Mawu oloserekawo kawirikawiri amakhala otambalala, okwanira paliponse. "Zakhudzidwa" angakhale mbewu, ana asukulu, mitengo ya katundu kapena timu ya mpira. Chifukwa choti amakwanira paliponse, amapezeka paliponse, ndipo nchifukwa chake makina amawakonda. Mawu otere amakhala ataphimba funso limene wolemba sanayankhe.

Ndiye pa mzere uliwonse funsani: chiyani kwenikweni? "Mbewu": mbewu yanji, chimanga, mtedza kapena fodya? "Zakhudzidwa": zafota, zauma, zapserera, kapena sizinamere nkomwe? Pa msinkhu wanji? Mlimi aliyense amadziwa kuti mvula ikadula chimanga chili m'maondo chikhoza kudzuka, koma ikadula chikutulutsa ngayaye ndi ndevu, zokolola zimatsika kwambiri. "Kusowa kwa mvula": kodi mvula sinayambe, kapena inayamba nkudula pakati pa dzinja? Ngati ndi chachiwirichi, dzina lake lilipo kale, ng'amba. "Achitepo kanthu": kanthu kanji?

Mukalephera kuyankha mafunsowa, dziwani kuti vuto silili pa mawu. Simunafunse mokwanira. Imbirani foni mlangizi wa zaulimi, bwererani kumundako, kapena fufutani chiganizocho. Musapeke ngayaye zimene simunazione pofuna kuti ndime ikome. Bodza lokoma ndi loipa kuposa chiganizo chozizira.

Chachitatu: tengani mneni wa ntchitoyo

Chichewa chili ndi aneni olunjika ambiri, ndipo ndi amene amayamba kutayika munthu akamaganiza m'Chingerezi nkumalemba m'Chichewa. Taonani kuyeretsa ndi madzi. Zovala timachapa, mbale timatsuka, m'manja timasamba, kumaso timasukusula, m'kamwa timachukucha. Katundu pamutu timasenza, mwana kumsana timabereka. Ku munda, "kukolola" nkolondola, koma mpunga timamweta, mbatata timakumba, fodya timathyola, nyemba timazula. Pamoto, nsima timavundula, mtedza timakazinga, masamba oti tiyanike timafutsa.

Palibe mawu achilendo pamenepa. Mwana wa sitandade 4 amawadziwa onse. Chimene chimawapangitsa kukhala osayembekezereka m'nkhani yolembedwa nchakuti aliyense ali ndi malo ake okha, ndipo amafuna kuti wolemba akhale atadziwa chimene chinachitika. Mukaona "kuchita", "kupanga", "kutenga" kapena "kukhala ndi" m'chiganizo chanu, imani kaye. "Anapanga nyumba" angakhale anamanga, anafolera, anazira kapena anaumba njerwa chabe. Sankhani chimene anachitadi.

Njira imene ndimaidalira ndi iyi: lembani mawu atatu amene angalowe pamalopo. Oyamba kubwera m'mutu nthawi zambiri ndi omwe aliyense akanalemba. Mwa awiri otsalawo tengani amene akunena zoona kwambiri, osati amene akumveka apamwamba. Oyamba aja akakhala kuti ndiwo olondola, asiyeni pomwepo. Madzi ndi madzi.

Chachinayi: chotsani "kwambiri", ikani chooneka

"Kwambiri", "chachikulu", "zosiyanasiyana" ndi "ambiri" amalonjeza kukula kwa chinthu osachionetsa. Pali njira ziwiri zowachotsera. Ina ndi kuika chinthu chenichenicho: m'malo mwa "ndiwo zosiyanasiyana" nenani bonongwe, chisoso ndi nkhwani. Ina ndi mvekero, chuma chimene zolemba zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi sizikhala nacho kawirikawiri. Chidebe chadzaza tololo, m'mudzi muli zii, kunja kwada bii, nsalu yayera mbee. Mawu amodzi otere amagwira ntchito ya chiganizo chathunthu.

Koma mvekero uli ngati mchere m'ndiwo: umodzi pa ndime ndi wokwanira, ndipo m'nkhani ya kukhoti kapena ya imfa mwina osauika nkomwe.

Tsopano ndime ija, titafunsa mafunso athu nkupeza mayankho kwa alimiwo:

"Ng'amba yapeza chimanga chikutulutsa ngayaye. Masamba afota, ndipo dzuwa likafika pamutu munda wonse umaoneka mbuu. Ena ayamba kale kuunda mizere ya mbatata m'mphepete mwa dambo, poti chimangacho sakuchidaliranso."

Kutalika kwake nkofanana ndi koyamba kuja. Yesaninso kuphimba ndi pepala. Pambuyo pa "Ng'amba yapeza" mnzanu sangadziwe chimene chikubwera, koma akachimva sadabwa ngati chachilendo. Amangovomera kuti nzoona, zimaterodi. Chimenecho ndicho chizindikiro cha mawu oyenera: sanaloseredwe, koma atafika akhala pamalo pake. Onaninso kuti "nkhawa yaikulu" yachoka, koma nkhawayo ikumveka kuposa kale, chifukwa munthu wounda mizere ya mbatata mu Febuluwale wataya mtima pa chimanga chake.

Chachisanu: yesani ngati simunapyole muyeso

Pali kulakwitsa kwina kumene kumabwera munthu akangomva kuti mawu oloseredwa ndi oipa. Amatsegula mtanthauziramawu nkumasintha mawu alionse ndi ena osowa. Mapulogalamu amene amalonjeza kusandutsa nkhani ya makina kuti ioneke ya munthu amachitanso zomwezi, ndipo zotuluka zake zimamveka zachilendo kuposa poyamba. Mawu ofanana tanthauzo safanana kulemera. "Wamwalira", "watisiya" ndi "wafa" amanena chinthu chimodzi, koma simungalembe "wafa" pa uthenga wa maliro a gogo wa mnzanu, ndiponso simungalembe "yatisiya" pa mbuzi.

Ndiye mawu alionse atsopano muwayese ndi mafunso awiri. Kodi munthu wa ntchito imeneyo, mlimi, msodzi, telala kapena namwino, angawanene pakamwa pake? Nanga wowerenga wa ku Mchinji, wa ku Mulanje ndi wa ku Chipata onse awamva? Mawu a m'dera limodzi ndi okoma, koma aikeni pamene chiganizo chikuwamasulira chokha. Mawu obwereka amene anthu anawazolowera, monga feteleza, sukulu kapena minibasi, asiyeni. Kuwachotsa nkuika mawu opeka amene palibe amawanena kumaziziritsa nkhani.

Palinso malo amene kusintha mawu nkoopsa. M'malangizo a kamwedwe ka mankhwala, m'mgwirizano wa ngongole, m'chidziwitso cha mayeso, chinthu chimodzi chikhale ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Mukalemba "piritsi" pamwamba nkulemba "mbulu" pansi, wodwala akhoza kuganiza kuti ndi mankhwala awiri. Pamenepo kulosereka ndi chitetezo, ndipo musachite nako manyazi.

Chachisanu ndi chimodzi: onani poyambira pa ndime

Mawu oloseredwa amakonda kuunjikana kumayambiriro a ndime. "M'dziko la masiku ano", "Kuonjezera apo", "Ndikofunika kudziwa kuti", "Mwachidule". Werengani mawu oyamba okha a ndime iliyonse motsika. Mukapeza otere, afufuteni muone ngati ndime yataya kanthu. Kawirikawiri chiganizo chenicheni chimayambira pambuyo pake. Pamene pakufunikadi cholumikiza, gwiritsani ntchito chimene timanena polankhula: tsono, ndiye, komatu, paja, nanga.

Mukamaliza, werengani nkhani yonse mokweza kamodzi. Pamene lilime lathamanga osamva kanthu, bwererani ku funso la pa gawo lachiwiri lija, lakuti mawuwo akubisa chiyani. Pamene lapunthwa pa mawu amene simunawanenepo chibadwire, bwezeranipo mawu wamba amene munachotsa.