Katulo ka masana: mphindi 20 basi, ndipo kasadutse 3 koloko

Ine ndimagwira ntchito mu Limbe, ndimakhala ku Machinjiri, ndiye kudzuka kwanga ndi 5 koloko kuti ndipeze minibasi anthu asanachuluke pa siteji. Ikamakwana 1 koloko, makamaka mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo chonchi, nsima ili m'mimba, maso amangotsekeka okha pa kompyuta. Anthu amati ndi nsimayo, inde imathandizira, koma ngakhale mutapanda kudya thupi limafooka ndithu pakati pa 1 ndi 3 koloko masana, ndi mmene wotchi ya m'thupi imayendera. Apa ndiye pamene katulo kamagwira ntchito, bola mukagone mwanzeru.

Choyamba, sankhani nthawi. Ine ndimagona cha m'ma hafu pasiti 12 kapena 1 koloko ndikangomaliza lanchi. Malire ake ndi 3 koloko kwa munthu amene amagona cha m'ma 9 kapena 10 usiku. Ikadutsa 3, limbani mtima, kasambeni kumaso mudikire usiku. Chifukwa chake ndifotokoza pansipa poti ndi pamene ine ndinagwa napo.

Chachiwiri, alamu. Ikani mphindi 25 pa foni, 5 zoti tulo tikupezeni, 20 zogona. Musanene kuti ndidzuka ndekha, simudzuka. Nkhani yake ndi yoti tulo timayenda m'magawo: mphindi zoyamba munthu umakhala pamwamba, wina akaitana dzina lako umamva, koma ukamayandikira mphindi 30 kupita mtsogolo umayamba kumira mu tulo tofa nato tija. Akakudzutsa uli mmenemo mutu umalemera ngati wasenza thumba la chimanga, sudziwa ngati ndi m'mawa kapena madzulo, ndipo chizungulire chimenecho chimatha kukukakamira theka la ola. Ndiye mphindi 45 kapena ola limodzi ndi zoipa kuposa 20, zomveka zachilendo koma yesani muone. Ngati muli ndi mpata Loweruka ndipo usiku simunagone bwino, gonani mphindi 90, chifukwa ndi pafupifupi ulendo umodzi wathunthu wa tulo, mumadzuka mutabwereranso pamwamba. Koma nazonso zithe isanakwane 3.

A NASA, bungwe lofufuza za mlengalenga ku America, anayesapo zimenezi pa oyendetsa ndege za maulendo ataliatali. Anawapatsa mphindi 40 zopuma, iwo amagona pafupifupi mphindi 26, ndipo amakhala atcheru kuposa anzawo amene sanagone. Ndiye bwana akakupezani muwauze zimenezo, kaya akumverani.

Tsopano pamene ndinalakwitsa. Chaka chatha ndinkachita manyazi kugona ku ofesi, ndiye ndinkapirira tsiku lonse, kuwodzera mu minibasi, ndikafika kunyumba cha m'ma hafu pasiti 5 ndimvekere ndingotsamirako pa sofa. Kutsamira kwake kumeneko ndinkadzuka 8 koloko, kunja kuli mdima, dovu pa khushoni, mayi a kunyumba akundigwedeza kuti “bambo, dzukani nsima yazizira.” Ndidye, ndisambe, 10 koloko ndili pa bedi, tulo osabwera. Kutembenukira uku, kutembenukira uko, agalu a kwa aneba kuuwa ndikuwamva onse, kutsegula foni, 1 koloko, 2 koloko. Tulo tizibwera cha m'ma hafu pasiti 2 pamene alamu ikulira 5. Mawa lake kutopa kowirikiza, madzulo sofa yomwe ija. Ndinazungulira chonchi pafupifupi mwezi wathunthu mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndadwala.

Chimene chimachitika ndi ichi. Kuyambira pamene mwadzuka m'mawa, mu ubongo mumaunjikana kanthu kotchedwa adenosini, ndipo kakamachuluka ndi pamene mumamva tulo. Tingoti ndi njala ya tulo. Imakula tsiku lonse kuti pofika usiku ikhale yokwanira kukugwetsani ndi kukusungani mpaka m'mawa. Mukagona, makamaka tulo tofa nato, adenosini uja amachepa. Mphindi 20 za masana zili ngati kudya chitumbuwa chimodzi, njala imangochepako pang'ono, ndipo pali maola 8 kapena 9 oti ibwererenso. Koma maola awiri ndi theka madzulo ndi kudya mbale yonse ya nsima kenako 10 koloko akuikireninso ina. Simungadye. Thupi linali litangokhala maso maola awiri okha, njala ya tulo ichokera kuti?

Ndinawonjezeranso vuto ndekha. Mnyamata wina wogulitsa mankhwala pa tebulo mu msika anandipatsa timapilitsi mu kapepala, opanda dzina, opanda deti, akuti “awa bigi mugona ngati mwana.” Ndinagonadi, koma mawa lake ndinali ngati woledzera mpaka masana, ndalama yapita. Musagule zimenezo. Ngati tulo tikukuvutani kwa milungu ngakhale mwasiya kugona madzulo, kapena mumaliza mkonono kwambiri n'kumadzidzimuka ngati mwabanika, pitani ku chipatala.

Mmene ndinatulukira: masiku atatu ndinakana sofa. Ndikafika kunyumba osakhala pansi, kuthirira ndiwo kuseri, kuyenda kukagula buledi, chilichonse. Tsiku loyamba linali lowawa koma 9 koloko ndinagwa ngati chipika. Kenako ndinasamutsira katulo kaja ku lanchi. Mudziwa kuti kanu kakuwononga usiku ngati mukutha mphindi zoposa 30 pa bedi tulo osabwera, pamenepo kafupikitseni kapena kabwezeni m'mbuyo ndi ola. Amene muli kale ndi vuto losowa tulo usiku, masana musagone n'komwe.

Chachitatu, malo. Musalowe m'bulangete, bedi limanyenga. Mpando wotsamira, m'galimoto pa mthunzi mawindo otsegulako, kapena mutu pa desiki. Ine ndimagona m'chipinda chosungira katundu ku ntchito, pa makatoni. Tophimba m'maso tija amagulitsa m'mashopu a m'tauni mtengo wake ndi wongokubera, kalamba kake kamaduka sabata yomweyo, chipewa kapena kansalu pankhope zimakwana. Foni ikani pa Do Not Disturb, alamu imalirabe, koma yesani kaye pa foni yanuyo. Ndipo onani chaji, ndi kuzimazima kwa magetsi kuno foni imatha kukuferani muli mtulo.

Chachinayi ndi cha okonda khofi. Imwani kapu imodzi musanatseke maso. Kafeini, kanthu ka mu khofi kothamangitsa tulo, amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti ayambe kugwira, ndiye amakupezani pomwe alamu ikulira. Tiyi wakuda amathandizanso ngakhale mphamvu yake ndi yochepa. Koma izi ndi za 1 koloko, chifukwa pakatha maola 5 theka la kafeini uja limakhala likadali m'thupi. Zakumwa zopatsa mphamvu za m'mabotolo zija madzulo ayi.

Tulo tikapanda kubwera musadandaule, kungotseka maso mwakachetechete kumapumitsabe, ndipo pakatha sabata thupi limazolowera nthawi yake.

Chomaliza, alamu ikalira imirirani pompo, Snooze musamukhudze. Madzi kumaso, tulukani panja pa dzuwa mphindi ziwiri, bwererani ku ntchito. Amene mumagwira ya usiku, alonda ndi anamwino, nthawi zanu ndi zina, inu gonani musanapite ku shifiti.