Momwe mungalembere kafilimu ka mtsikana wochotsedwa ntchito amene wapeza mtendere m'pemphero

Kamera siijambula zamumtima. Mukalemba kuti "Tadala wapeza mtendere," wojambula sadziwa choti aloze. Ntchito yanu ndi kusandutsa nkhawa ndi mtendere kuti zikhale zinthu zooneka ndi maso.

Yambani ndi muyeso. Tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho masamba atatu akwanira. Osewera akhale atatu basi: Tadala, mayi ake ndi wakabaza.

Pa tsamba loyamba musataye nthawi ndi abwana akufotokoza zifukwa. Tadala aoneke akutuluka pageti la loji ina ku Senga Bay, envulopu ya kalata yomuchotsa ntchito m'manja, yunifolomu m'jumbo. Wakabaza afunse, "Tipite, asisi?" Iye awerenge tindalama take, apukuse mutu, auyambe wapansi. Woonera wamva kale kuti ntchito yatha.

Lachiwiri likhale la kunyumba. Apa sankhani zinthu ziwiri zimene zidzabwerenso kumapeto, kalata ija ndi mbale ya nsima. Tadala abise kalata pansi pa matiresi. Mayi ake anene, "Idya, mwanawe," iye ayankhe, "Ndakhuta, amayi," chonsecho nsima sanaikhudze.

Pemphero, lomwe lili pa tsamba lachitatu, ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chifukwa amalilemba ngati ulaliki. Munthu wosweka mtima sapemphera mwadongosolo, amadukizadukiza. Mawu ochepa chonchi akwanira: "Ambuye, ndatopa. Amayi ndiwauza bwanji? Mundigwire dzanja." Kenaka lembani kuti akhale chete masekondi asanu, mapewa atsike, atulutse mpweya. Werengani mokweza mukuyang'ana wotchi, ndipo likapitirira masekondi 20 lidulenso. Ku Salima kuli Akhristu ndi Asilamu, ndiye sankhani chipembedzo chimodzi, ndipo wa chipembedzocho aone ngati mawu, kavalidwe ndi kagwadidwe zili zoona.

Ngati pempherolo lili kunyanja m'mamawa, kumbukirani kuti ku Senga Bay dzuwa limatulukira kunyanja. Mukaloza kamera kumadzi, nkhope ya Tadala ida bii. Lembani m'sikiripiti kuti dzuwa limuombe chambali. Mafunde ndi mphepo, makamaka nyengo ya mwera, zimameza mawu, choncho pempherolo mulijambule padera m'chipinda chotseka, mudzaliike pamwamba pa zithunzi.

Pomaliza, pewani kuti foni ilire nkumva kuti wapeza ntchito ina. Foni ikalira choncho, nkhani ikhala ya ntchito, osati ya mtendere, ndipo woonera amene wapemphera chaka chonse osalembedwa aona ngati mukumunyoza. Tadala abwerere kunyumba alibebe ntchito, atulutse kalata ija, aipereke kwa mayi ake ndi manja awiri. Mayiwo awerenge, amukankhire mbale, iye asambe m'manja nkutema mbamu.

Musanajambule, phimbani mawu onse olankhulidwa, mnzanu awerenge zochitika zokha. Akalephera kuloza pomwe Tadala wasinthira, bwererani pa tsamba lachitatu.