Momwe mungawerengere ndalama imene mbale imodzi ya chakudya ikukudyerani mu lesitilanti yanu

Mukapikula katundu wambiri nthawi imodzi, lisiti limangokuuzani mtengo wa thumba, katoni kapena chigubu. Kasitomala sagula thumba ayi, amagula mbale. Ntchito imene ilipo ndi yogawa mtengo wa thumba lija mpaka ufike pa chimene chalowa m'mbale, ndipo pamene ambiri amaluzira ndi pakati apa, chifukwa si zonse zimene mwalipira zimene zimakafika kwa kasitomala.

Pezani sikelo ya manambala yoyeza magalamu, kope ndi cholembera. Tigwiritsa ntchito mbale ya mpunga, nkhuku ndi kabichi. Mitengo ndayikayi ndi yongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino, inu muikepo yanu.

Yambani ndi mpunga popeza ndi wosavuta. Tinene kuti thumba la makilogalamu 25 lakufikirani pa 50,000, kuphatikiza ndalama yonyamulira. Yonyamulirayi musaisiye padera, ndi mbali ya mtengo wa thumbalo. Ndiye kuti kilogalamu ndi 2,000, galamu imodzi ndi 2. Tsono mpunga ukapsa umamwa madzi n'kulemera kawiri ndi theka, mwina mpaka katatu, kutengera mtundu wake. Phikani kilogalamu imodzi, muyeze ukapsa. Ngati watuluka makilogalamu 2.5, ndipo pa mbale mumaika magalamu 300 a wophika, gawani 300 ndi 2.5. Mupeza magalamu 120 a wosaphika, amene mtengo wake ndi 240. Lembani.

Tifike pa nkhuku, chifukwa ndalama yambiri ya mbaleyi ili pamenepa. Katoni ya nkhuku youmitsidwa mufiriji yalembedwa makilogalamu 10 ndipo mwagula pa 60,000. Mukangogawa pamenepo mupeza 6,000 pa kilogalamu, ndipo nthuli ya magalamu 200 ioneka ngati ndi 1,200. Nambala imeneyi musaikhulupirire. Kunali wogulitsa wina amene ankandibweretsera makatoni otsika mtengo kuposa anzake onse, koma nthuli sizinkakwana mbale zimene ndinawerengera, mpaka ndinayamba kukayikira ophika anga pachabe. Vuto linali madzi. Nkhuku zake zinkakhala ndi madzi oundana pamwamba ndi m'mimba momwe, ndipo madziwo ndinkawalipira pa mtengo wa nyama.

Muzichita chonchi ndi katoni yoyamba ya wogulitsa aliyense watsopano. Yezani nkhuku ikadali youma, mutachotsa katoni ndi mapepala a pulasitiki. Ikani m'beseni mufiriji, mbali yongoziziritsa, isungunuke yokha usiku wonse, osaisiya padzuwa kapena m'madzi otentha, chifukwa kunja kumayamba kuwonongeka m'kati musanasungunuke. M'mawa tsanulani madzi, mudikire adonthe onse, muyezenso. Kenako chotsani mafuta olendewera ndi tizidutswa timene simungapatse kasitomala, n'kuyeza kachitatu. Tinene kuti itasungunuka yatsala makilogalamu 8.5, ndipo mutaikonza yatsala 8. Mtengo weniweni upezeni motere:

```
60,000 ÷ 8 = 7,500
```

Nthuli ya magalamu 200 ija tsopano ndi 1,500, ndipo katoniyo ikupatsani nthuli 40, osati 50. Kusiyana kwa 300 pa mbale kumaoneka kochepa, koma pa mbale 40 ndi 12,000 patsiku imene mumaganiza kuti muli nayo pomwe kulibe.

Mayesowa amathandizanso posankha kogula. Wogulitsa wina atati katoni yake ndi 66,000, ambiri angamuthawe. Koma ikatsala makilogalamu 9.2 mutaikonza, ndiye nthuli 46, iliyonse pafupifupi 1,435. Katoni yodulayo ndi imene ili yotchipa. Ndipo musaleke kuyeza chifukwa choti katoni yoyamba inali bwino, poti pali ena amene amabweretsa katundu wabwino pofuna kukukopani, kenako n'kuyamba kusintha pang'onopang'ono. Zizindikiro zake zimaoneka ngakhale musanayeze: zibuma za madzi oundana m'makona a pepala, madzi ofiirira ochuluka m'beseni, ndi nyama imene ikatsikira m'poto imayamba kuwira m'madzi ake m'malo mokazingika.

Chenjeraninso kuti musasakanize kulemera kwa nyama yaiwisi ndi yophika. Nkhuku ikapsa imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake, choncho nthuli ya magalamu 200 imafika pa mbale ili cha m'ma 150. Ngati inu mumafuna kasitomala alandire magalamu 200 yophika, ndiye kuti yaiwisi ikhale pafupifupi 270, ndipo mtengo ukwera kudutsa 2,000. Sankhani njira imodzi, muuze wodula nyama, muziigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ine ndimakonda kuwerengera yaiwisi, chifukwa ndi pamene mpeni uli.

Zinthu zing'onozing'ono musavutike kuziyeza pa mbale iliyonse. Werengerani poto yonse, mugawe ndi mbale zimene zatulukamo. Chigubu cha mafuta cha malita 20 pa 80,000 ndiye 4,000 pa lita. Ngati kuphika mbale 40 kwatha lita ndi theka, ndi 6,000, kutanthauza 150 pa mbale. Chigubucho thiraninso m'botolo loyezera kamodzi muone ngati malita 20 akukwanadi, makamaka ngati chivindikiro chikuoneka kuti chinatsegulidwapo. Tomato ndi anyezi wa msuzi zikatha 8,000 ndiye 200 pa mbale, kabichi wa 4,000 ndiye 100. Apa masamba akunja ndi makoko amene mwataya alowa kale m'masamumo, poti mwawerengera zonse munagula. Mchere ndi zokometsera, onani zimene zimatha pa sabata mugawe ndi mbale za sabatayo, tinene mwapeza 40 pa mbale.

Phatikizani tsopano: mpunga 240, nkhuku 1,500, mafuta 150, msuzi 200, kabichi 100, zokometsera 40. Mbale yakwana 2,230.

Koma si mbale zonse zophikidwa zimene zimagulidwa. Antchito amadya, mpunga wina umapserera pansi pa poto, madzulo pamatsala zina. Ngati mwaphika za mbale 40 n'kugulitsa 36, ndalama yonse ya 89,200 iyenera kubwezedwa ndi mbale 36 zija, ndipo iliyonse yafika pafupifupi 2,480. Nambala yogwira nayo ntchito ndi imeneyi. Kwa otenga chakudya kupita nacho, onjezanipo mtengo wa kabokosi, supuni ndi jumbo.

Poika mtengo wogulitsira, eni malo odyera ambiri amayesetsa kuti zophikira zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa mbale, kuti zotsalazo zilipire gasi, magetsi, lendi ndi malipiro, phindu n'kutsalapo. Kwa ife ndiye 2,480 kuchulukitsa katatu, cha m'ma 7,400. Makasitomala anu akakhala kuti sangafike pamenepo, yang'anani nkhuku kaye, chifukwa ikudya ndalama yoposa theka la mbaleyo. Kuchepetsa nthuli kuchoka pa magalamu 200 kufika 170 kumapulumutsa 225, pomwe kumana anthu mpunga wa magalamu 50 ophika kumangopulumutsa 40.

Chomaliza, gulani chipande ndi kapu zimene zimatunga muyeso umodzimodzi, kuti aliyense wopakula aziika magalamu 300 omwe aja. Mtengo wa nkhuku kapena mafuta ukasintha, sinthani mzere umenewo m'kope tsiku lomwelo n'kuphatikizanso.